Makoloni otumbuluka pa Makonki asanduka apinki: ndilembe chiyani pa fomu?

Lusiya (Ulongwe): Mwadzuka bwanji akuluakulu nonse. Ndili pa esitajiyo, kuphunzira ntchito, mu labu ina kuno ku Angoniya, ndipo a shefi anga apita kumaliro, abwera Lachitatu. Lachisanu masana tinalandira chimbudzi cha mwana wa zaka 4, chamagazi ndi chonanda. Ndinabzala pa mbale ziwiri za agara, chakudya chomeretsera bakiteriya, ya Makonki ndi ya XLD. Loweruka m'mawa, patatha maola ngati 20, pa Makonki panali makoloni amitundu iwiri. Ambiri anali ofiira kwambiri, koma panalinso ena ochepa, ang'onoang'ono, otumbuluka moti ukakweza mbale kuwala kumadutsa. Ndinabwezera mbale ija mu esitufa, kabati yofunditsira mbale, kuti a shefi adzaione. Lero Lolemba ndatsegula, otumbuluka aja ayamba kuoneka pinki. Ndiye ndikhulupirire za Loweruka kapena za lero? Kodi bakiteriya amasintha mtundu wake yekha?

Chikondi (Zobwe): Mana Lusiya, nkhani yake ndi yosavuta iyi. Pinki ndi E. coli, wotumbuluka ndi Salimonela. Ngati onse afiira ndiye kuti onse anali E. coli, enawo anangochedwa kukula. Lembani kuti simunapeze kanthu.

Mayi Nangozo (Tete): Chikondi mwana wanga, usafulumire choncho. Mwana wa kamwazi sungamulembere "palibe kanthu" chifukwa cha mbale yomwe yagona mu esitufa masiku atatu. Lusiya, ndiyankhe kaye izi. Loweruka lija unatolako koloni yotumbuluka n'kuibzala payokha? Ndipo pa XLD unaona chiyani tsiku lomwelo?

Lusiya (Ulongwe): Eya amayi, ndinatola imodzi yomwe inali patali ndi zinzake n'kuikoka pa agara wamba, wamera bwino. Pa XLD panali achikasu ambiri, ndi ofiira ochepa opanda kadontho kakuda pakati. Apa mpamene mutu wanga unaima, chifukwa pa Makonki ofiira ndi ambiri, pa XLD ofiira ndi ochepa, koma chimbudzi ndi chimodzimodzi.

Mayi Nangozo (Tete): Wachita bwino kutola, ndiye kuti mlandu sunatayike. Tsopano tiyambe ndi funso lako lakuti kodi bakiteriya amasintha mtundu. Ayi. Mtundu umene ukuona pa Makonki si wa bakiteriya. E. coli yemweyo ukamubzala pa agara wamba amatuluka wotuwa basi, wopanda pinki ngakhale pang'ono. Pinkiyo ndi ya utoto umene opanga anathira mu ufa wa Makonki. Ukayang'ana pa botolo upeza palembedwa neutral red, kapena vermelho neutro ngati botolo ndi la Chipwitikizi. Ndi wochepa zedi, 0.03 g pa lita yathunthu, koma ntchito yake ndi imodzi: umafiira pamene pali asidi. Makonki tikamukonza bwino amakhala pa pH 7.1. Pamalo pamene pH yatsika kufika pansi pa 6.8, utotowo umafiira. Ikakwera kufika cha pa 8, umapita ku chikasu. Unaonapo tiyi wopanda mkaka ukamufinyira ndimu momwe amayezukira? Masamba a tiyi ndi omwewo, chasintha ndi kuwawasa kwa madziwo. Ndi zomwezo.

Ndiye asidiyo akuchokera kuti? Mu Makonki muli shuga wamtundu umodzi wokha, lakitozi, shuga wa mu mkaka uja, 10 g pa lita. Bakiteriya amene amatha kudya lakitozi amatulutsa asidi, asidiyo n'kufiiritsa utoto mu koloni momwemo. E. coli amatulutsa wambiri moti mpaka mchere wa ndulu umene uli mu agaramo umaundana, n'chifukwa chake kuzungulira koloni yake pamaoneka chifunga cha pinki. Amene satha kudya lakitozi samafa ndi njala ayi, amadya pepitoni. Koma podya pepitoni amatulutsa amoniya, pH n'kukwera, koloni n'kukhala yotumbuluka, ndipo agara wozungulira amaoneka ngati wapsa ndi dzuwa, kupita ku chikasu.

Choncho mbale sikukuuza dzina la bakiteriya. Ikungokuuza kuti pofika ola limene ukuiyang'analo, pamalo awa panali asidi kapena panalibe.

Chikondi (Zobwe): Koma amayi, ine ndimadziwa kuti mu Makonki muli utoto wapepo uja timagwiritsa ntchito pa Giramu. Si umenewo umapereka mtundu? Ndipo ndi womwewo pamodzi ndi ndulu umapha Magiramu pozitivi onse, zimenezo ndiye sindikukayika.

A Zuze (Moatize): Theka lachiwirilo walasa mphwanga, loyambalo waphonya. Utoto wapepowo ulimodi, ndi jivi yemweyo anatipaka pa zilonda tili ana, koma ndi 0.001 g pa lita, diso silingauone. Suli m'menemo kuti uonetse kanthu, uli m'menemo kuti utsekereze. Mu Makonki muli ntchito ziwiri zosiyana ndipo musamazisakanize. Ndulu ndi jivi zimasankha amene amere. Lakitozi ndi utoto wofiira uja zimasiyanitsa amene amerawo. Za m'matumbo monga E. coli, Salimonela ndi Shigela zili ndi chikopa china chakunja chimene Magiramu pozitivi alibe, komanso zinazolowera ndulu chifukwa kwawo ndi komweko. N'chifukwa chake izo zimamera pamene Sitafilokokasi akukanika.

Mawu oti "onse" okha ndiwo ndikukana. Kuli Makonki wina wopanda jivi, ndipo amagulitsidwa dala choncho. Nthawi ina anatitumizira woteroyo, mnyamata wina n'kubzala mkodzo, n'kupeza timakoloni tating'onoting'ono tofiira kwambiri ngati nsonga ya singano. Analemba E. coli. Nditapaka Giramu ndinapeza timipira tapepo tolumikizana tiwiritiwiri, Enterokokasi. Iyenso amadya lakitozi, ndiye akapatsidwa mpata womera afiira ndithu. Muziwerenga botolo musanawerenge mbale.

Bambo Jere (Tsangano): Pepani madokotala, ine ndine mlimi chabe wa mbatatesi, anandilowetsa pa gulu lino ndi mwana wa mlongo wanga. Ndaona mukukamba zofiira ndi E. coli. Chitsime chathu madzi ake afiira chiyambire mvula ija. Ndiye kuti mwalowa E. coli ameneyu?

Sisita Anastaziya (Domwe): Bambo Jere, ayi, kufiira kumeneko ndi dothi la katondo lomwe mvula yakokolera, kapena dzimbiri ngati pali mpope. Tizilombo sitioneka m'madzi, madzi oyera mbee akhoza kukhala nato tambirimbiri. Koma ngati dothi likulowa ndiye kuti za pamwamba zikulowanso, choncho wiritsani kapena thirani kolorini. Madzi odetsedwawo muyambe mwawasiya adikhe kapena kuwasefa, chifukwa kolorini sagwira bwino m'matope.

Mayi Nangozo (Tete): Funso la a Jere silinasochere kwenikweni. Mwini wake wa chakudya tikukambachi, Alfred MacConkey wa ku Mangalande, anachikonza cha m'ma 1900 akugwira ntchito yofufuza za madzi a zonyansa ku Liverpool. Chimene ankafuna n'kudziwa ngati madzi akhudzana ndi chimbudzi, ndiye anaganiza zoika ndulu kuti za m'matumbo zokha zimere. Mpaka lero poyeza madzi akumwa timasefa 100 ml, n'kubzala sefayo pa chakudya chosankha, ndipo muyezo ndi wakuti asapezeke E. coli ngakhale mmodzi. Kufiira kumene tikukamba, bambo, kumachitika pa mbale ya mu labu patatha usiku, osati m'chitsime.

Tibwerere kwa Lusiya. Chikondi anati wotumbuluka ndi Salimonela. Otumbuluka alipo ambiri: Salimonela, Shigela, Poroteusi, Sudomonasi, ndi ena. Apinki nawonso si E. coli yekha, Kilebusiyela amafiira, kungoti wake ndi wonanda, ukamukhudza ndi waya amatamuka. Ndiye pali gulu lachitatu limene limavutitsa ophunzira, odya lakitozi mochedwa. Kuti bakiteriya adye lakitozi pamafunika zinthu ziwiri, chomulowetsa mkati mwa selo ndi chomudula pakati akalowa. E. coli ali nazo zonse, ndiye pofika m'mawa wafiira kale. Salimonela alibe zonse, akhale sabata sadzafiira yekha. Koma ena ali ndi chodulira, cholowetsera n'chofooka kapena palibe. Shuga amalowa pang'onopang'ono, asidi amasonkhana pang'onopang'ono, tsiku loyamba koloni yotumbuluka, lachiwiri kapena lachitatu yayamba pinki. Mmodzi mwa amenewa ndi Shigela wa mtundu umene papepala timalemba S. sonnei. Mwana wa kamwazi, koloni yotumbuluka pa maola 20 n'kudzafiira pambuyo pake, ine maganizo anga athamangira kumeneko.

N'chifukwa chake Makonki timawerenga pakati pa maola 18 ndi 24. Za Loweruka ndizo zowerengedwa. Za lero ndi nkhani yongotithandiza kuganiza.

A Zuze (Moatize): Amayi Nangozo, pamenepo ndikupemphani tisiyane pang'ono. Ine zaka zonsezi Shigela amene timamva kawirikawiri kuno kwathu ndi S. flexneri, ndipo iyeyo safiira. Mbale ya mwanayu yadzaza E. coli. Asidi sakhala malo amodzi, amayenda mu agara. Koloni yotumbuluka ikakhala pafupi ndi chigulu cha ofiira imatenga pinki ya aneba, makamaka ngati wobzalayo sanakoke bwino waya mpaka makoloni atapatukana. Komanso koloni ija mwina pansi pake panali ka E. coli kamene kanadzakula pambuyo. Ndisanaganize za sonnei ndimayamba ndaganiza zimenezi.

Mayi Nangozo (Tete): Sindikutsutsani a Zuze, zimachitikadi. Koma pali njira yoonera. Lusiya, tenga mbale ija uikweze ku windo. Yang'ana yotumbuluka imene ili kutali kwambiri ndi ofiira, kumzere womaliza. Pinki yake ili mkati mwa koloni, agara wozungulira ali bwinobwino? Kapena agara yense pamalopo wafiira, koloni n'kungotengera?

Lusiya (Ulongwe): Ndayang'ana amayi. Ziwiri zili pafupi ndi chigulu, pamenepo agara yense ndi wapinki, sindingathe kunena. Koma imodzi ili payokha kumapeto, pinki yake ili pakati penipeni, m'mphepete mwake mukadali motumbuluka, ndipo agara wozungulira sanafiire.

A Zuze (Moatize): Hmm. Imeneyo ndiye yandivuta. Komabe koloni imodzi si umboni. Bzala yoyera ija pa Makonki watsopano payokha, popanda aneba, tione ngati ichitenso zomwezo.

Chikondi (Zobwe): Nanga za XLD zija bwanji? Ngati kufiira ndi asidi, ndiye kuti ofiira a pa XLD ndi E. coli, achikasuwo ndiye oopsa. Si choncho?

Mayi Nangozo (Tete): Apa mpamene ambiri amagwera, ndipo ukatembenuza chonchi utola koloni yolakwika n'kutaya yeniyeniyo. Utoto wa mu XLD ndi wina, pa botolo amalemba phenol red. Umenewu umagwira ntchito mobwerera. Mbale ya XLD imayamba ili yofiira kale isanabzalidwe, pa pH 7.4, ndipo asidi akabwera umasanduka chikasu. Ndiye E. coli amene wafiira pa Makonki ndi yemweyo wachikasu pa XLD. Wotumbuluka wa pa Makonki ndi amene wakhala wofiira pa XLD, chifukwa sanasinthe kanthu, ukungoona mtundu wa agara kudzera mwa iye. Mbale ziwiri za Lusiya zikunena chinthu chimodzi: ambiri akupanga asidi, ochepa sakupanga.

Amene anakonza XLD anaganiza mozama, ndipo ndi bwino kumvetsa m'malo moloweza mitundu. Muli mashuga atatu. Lakitozi ndi sukurozi ndi ambiri, 7.5 g aliyense pa lita. Zayilozi ndi wochepa, pafupifupi theka la pamenepo. Mulinso layisini, 5 g. Shigela kawirikawiri sakhudza ngakhale mmodzi mwa mashugawa pa tsiku loyamba, ndiye amakhala wofiira basi. Salimonela amadya zayilozi yekha. Poyamba amapanga asidi ndithu, ukanati usuzumire usiku ukanamupeza akupita ku chikasu. Koma zayiloziyo amatha msanga, iye n'kutembenukira ku layisini, ndipo pophwanya layisini pamatuluka zinthu zokweza pH, mtundu n'kubwerera ku kufiira. E. coli naye amatha kuphwanya layisini, koma ali ndi lakitozi wambiri woti adye, asidi wake amapambana, sabwerera. Ndiye ofiira awiriwa, Shigela ndi Salimonela, afika pa mtundu umodzi kudzera njira zosiyana.

Chowasiyanitsa ndi kadontho kakuda. Mu agaramo muli tayosalifeti ndi mchere wa chitsulo. Salimonela amasandutsa tayosalifetiyo kukhala mpweya wa H2S, wonunkha ngati dzira lovunda uja, mpweyawo ukakumana ndi chitsulo pamapangika chakuda pakati pa koloni. Shigela sachita zimenezo. Za Lusiya ndi zofiira zopanda kadontho.

Chikondi (Zobwe): Ndiye basi Salimonela watuluka mu mlandu.

A Zuze (Moatize): Osati msanga choncho. Wa tayifodi, S. Typhi, amapanga H2S wochepa kwambiri, kadontho kake nthawi zina kamachita kufuna maso a mwana, nthawi zina palibiretu. S. Paratyphi A ndiye kawirikawiri sadetsa n'komwe. Ndipo mbali inayo, si chakuda chilichonse chili Salimonela. Poroteusi nayenso amadetsa, wanamiza anthu ambiri. N'chifukwa chake chubu cha yureya sichidumphidwa. Poroteusi amachisandutsa pinki yowala m'maola ochepa okha, Salimonela ndi Shigela amachisiya momwe chinalili.

Sisita Anastaziya (Domwe): Inu a labu mukamakambirana za mitundu, ine ndikuganiza za mwanayo. Lusiya, anayamba kulandira mankhwala? Kamwazi wa mwana sitidikira mbale, timapereka malinga ndi ndondomeko, pamodzi ndi madzi obwezeretsa mphamvu ndi zinki. Zotsatira zanu zimatithandiza ngati sakuchira kapena ngati abwera ena a mudzi womwewo.

Lusiya (Ulongwe): Anayamba Lachisanu lomwelo asisita, ndafunsa ku wodi akuti magazi achepa. Amayi Nangozo, ndiye lero ndichite chiyani ndi yoyera ija? Tili ndi machubu oyezera a KIA ndi a yureya.

Mayi Nangozo (Tete): Uyambe ndi Giramu, uone kuti ndi timitengo tofiira tamtundu umodzi. Kenako okisidezi, koma utole pa agara wamba, osati pa Makonki kapena XLD, chifukwa utoto ndi asidi wa m'menemo zimasokoneza. Ikakhala negativi, Sudomonasi watuluka. Ukatero ubaye KIA ndi waya woongoka mpaka pafupi ndi pansi, potuluka ukoke pamwamba potsetsereka paja. Chotsekera usamange kwambiri, pamafunika mpweya kuti pamwambapo pabwerere ku kufiira. Ukamanga zolimba chubu chonse chikhoza kukhala chachikasu, iwe n'kuganiza kuti wadya lakitozi. Ubzalenso yureya, ndi Makonki watsopano monga anenera a Zuze. Ulembe ola pa mbale. Mawa uwerenge pa maola 18 mpaka 24, osapitirira.

Chikondi (Zobwe): Poti nkhani ndi ya mitundu, ine ndili ndi yanga. Makonki amene tinakonza mwezi watha anatuluka wofiirira moderako asanabzalidwe, ndipo chilichonse chomera pamenepo chimaoneka chapinki pang'ono, ngakhale Poroteusi. Ufa ndi womwe uja wa kale. Chalakwika n'chiyani?

A Zuze (Moatize): Munauphika kangati? Makonki amafuna 121 °C kwa mphindi 15, basi. Mukasiya nthawi yaitali mu otokilevi, kapena akauma inu n'kumusungunulanso kawiri katatu, shuga amapsa, agara amada, pH imatsika yokha. Utoto uja sudziwa kuti asidi wachokera kwa bakiteriya kapena kwa wophika, umangofiira. China ndi madzi. Ngati makina otchezera madzi anafa n'kumatunga a pampopi kapena a mvula, pH ikhoza kupita kulikonse. Chinanso yang'ana ufawo. Kuno ku Moatize ndi chinyezi cha Januwale, botolo likangosiyidwa losatseka bwino ufa umaundana ngati mwala, umenewo ndi wotaya.

Ndipo XLD ndiye salowa n'komwe mu otokilevi. Umangotenthetsa uku ukutakasa mpaka usungunuke, ukangoyamba kuwira uchotse, uzizire kufika cha pa 50 °C, uthire. Ndinaonapo wina ataika zonse pamodzi kuti asunge magetsi, XLD n'kutuluka ndi zinyenyeswa, mitundu yosadalirika.

Chikondi (Zobwe): Anasungunulidwa kawiri, magetsi anathima tili pakati pothira. Koma pH mita tilibe achimwene.

Mayi Nangozo (Tete): Ngakhale timapepala toyezera pH tikuthandizani, muyeze agara atazizira osati ali wotentha. Koma woyeza weniweni ndi bakiteriya amene mukumudziwa kale. Mphika uliwonse watsopano muzitengapo mbale ziwiri zitatu. Pa ina mubzale E. coli wodziwika, ambiri timasunga ATCC 25922, ayenera kufiira. Pa ina Poroteusi, ayenera kutumbuluka. Pa ina Enterokokasi, ayenera kukanika kapena kumera movutikira ngati Makonki wanu ndi wa jivi. Imodzi muigoneke mu esitufa yosabzala kuti muone ngati ili yoyera. Poroteusi akatuluka wapinki, mphika wonsewo usakhudze za odwala.

Kutentha nakonso muziganizira, chifukwa chigawo chathu chino chili ndi nyengo ziwiri. Kuno ku Tete mu Okutobala chipinda chimatha kutentha kuposa 37 °C ya esitufa, ndipo esitufa wamba amangodziwa kutenthetsa, kuziziritsa sadziwa. Kwa Lusiya ku Angoniya mu Juni magetsi akathima usiku, mbale imazizira, pa maola 20 a pa wotchi bakiteriya wagwira ntchito ya maola 10 okha. Zikatero ngakhale E. coli amaoneka wapinki yofooka, munthu n'kumuyesa wotumbuluka.

A Zuze (Moatize): Zomwezi za kukhulupirira mtundu tinaziona nthawi ya kolera ya 2023. TCBS, mbale yofufuzira kolera, ndi yobiriwira, pH yake ndi yokwera, 8.6, dala kuti Vibiriyo amere ena akanike. Wa kolera amadya sukurozi n'kutuluka wachikasu. Ndiye anthu akangoona chikasu, foni kale kwa akuluakulu. Koma alipo enanso amene amapulumuka pamenepo n'kupanga chikasu. Umayenera kubzalanso pa agara wamba, okisidezi ikhale pozitivi, kenako seramu ya O1. Ndingoti ndisatalikitse, ndi nkhani ya tsiku lina.

Bambo Jere (Tsangano): Zikomo asisita, tayamba kuwiritsa. Zinazi ndikungowerenga ngati Chilatini cha ku tchalitchi.

Lusiya (Ulongwe): Mwadzuka bwanji nonse, ndabwera ndi za lero Lachiwiri. Giramu dzulo inali timitengo tofiira tokhatokha, okisidezi negativi. KIA pa maola 20: pamwamba pofiira, pansi pachikasu, palibe thovu kapena kung'ambika, palibe chakuda. Yureya sanasinthe. Makonki watsopano uja makoloni onse ndi otumbuluka. Ndinaikanso kadontho ka msuzi wa pepitoni pa galasi, pa maikulosikopu tikungonjenjemera pamalo amodzi, palibe kakusambira kupita kwina.

Chikondi (Zobwe): Pansi pachikasu ndiye kuti wadya shuga. Nanga si munati sadya?

Mayi Nangozo (Tete): Wadya gulukozi, Chikondi, amene za m'matumbo zonsezi zimadya. Mu KIA gulukozi ndi 1 g pa lita pamene lakitozi ndi 10 g. Wodya gulukozi yekha amamumaliza msanga. Pamwamba pamene pali mpweya amatembenukira ku pepitoni, pH n'kukwera, n'kufiiranso. Pansi popanda mpweya asidi amakhalabe, chikasu. Akanakhala wodya lakitozi, asidi akanachuluka moti chubu chonse chikanakhala chachikasu. Ndi nzeru yomwe ija ya zayilozi wochepa mu XLD.

Lusiya, zimene wapezazi zikugwirizana ndi Shigela: sadya lakitozi tsiku loyamba, alibe mpweya, alibe H2S, yureya negativi, sayenda. Poroteusi watuluka. Salimonela wamba watuluka. Wa tayifodi amayenda, ndiye nayenso ndikumukayikira kwambiri, ngakhale kadontho ka pagalasi kamafuna diso lozolowera.

A Zuze (Moatize): Zikugwirizana ndi Shigela, inde, koma zikugwirizananso ndi E. coli waulesi uja, wosayenda, wosapanga mpweya, wosadya lakitozi kapena womudya mochedwa. Awiriwa ndi pachibale kwambiri moti ngakhale makina odula amawasokoneza. Indolo mwayeza? S. sonnei amakhala negativi nthawi zonse, E. coli ambiri pozitivi. Ikatuluka mphete yofiira pamwamba, nkhani ya sonnei yatha pomwepo.

Lusiya (Ulongwe): Mankhwala a Kovacs oyezera indolo amene tili nawo anatha ntchito chaka chatha, asanduka abulawuni. Seramu ya Shigela tilibe.

A Zuze (Moatize): Abulawuniwo usayese n'komwe, angokunamiza.

Mayi Nangozo (Tete): Ndiye pa fomu ulembe zimene waona, osapitirira: pamera bakiteriya wosadya lakitozi, tikuganizira Shigella spp., tikudikira chitsimikizo. Dzina la sonnei usalembe, limenelo ndi la pa gulu pano pokha. A shefi ako akabwera mawa asayine ndiwo, ndipo akonze zotumiza. Ubaye koloni yoyera mu kachubu ka agara wamba, osati pa Makonki kapena KIA, chifukwa Shigela sapirira asidi, akhoza kufika ku labu yaikulu atafa. Ndipo uzisamala m'manja, ameneyu tizilombo tochepa kwambiri timakwana kudwalitsa munthu, a mu labu ambiri anatengera pa benchi.

Makonki watsopano uja usataye. Umubwezere mu esitufa, uone mawa ndi mkuja.

A Zuze (Moatize): Akafiira payekha ndivomera kuti si asidi wa aneba. Koma kuti ndi sonnei, ndidikira seramu.

Chikondi (Zobwe): Mana Lusiya, ife Kovacs tili naye wabwino, botolo lachiwiri silinatsegulidwe. Ngati kuli galimoto yochokera kuno kupita ku Ulongwe sabata ino ndipempha a shefi athu akupatseniko pang'ono. Kodi amafunika kuyenda mu bokosi lozizira, kapena kungomukulunga kuti asaone dzuwa?